Foni ikalira pa kauntala: mawu oyamba, ndi kafunsidwe ka chimene munthu waimbira

Ndimayang'anira polandirira alendo pa loji ina kuno ku Senga Bay, ndipo mwana aliyense amene wangoyamba ntchito amandifunsa funso limodzimodzi sabata yoyamba: "Nanga foni ikalira ndiziti chiyani?" Anzanga a m'mashopu a pa Kamuzu Road, ngakhalenso mlamu wanga amene ali ndi chigayo cha mpunga chakumtunda uko ku Nkhotakota, nawonso andifunsapo zomwezi pofuna kuphunzitsa antchito awo. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense aziwerenga yekha.

Pano sindikamba za mitengo ya zipinda kapena kasamalidwe ka madandaulo. Ndikamba za masekondi 15 oyambirira basi, kuyambira pamene foni yalira kufika pamene woimbayo wayamba kunena chimene waimbira. Zitsanzo zanga ndi za pa loji, koma mukasintha dzina la malo zigwira ntchito pa kiliniki, pa shopu kapena pa ofesi.

1. Konzekani foni isanathe kulira katatu

Kulira koyamba ndi kokonzekera. Ngati muli ndi chimanga chootcha kapena chingamu m'kamwa, mezani kapena lavulani. Tsitsani wailesi. Ngati mumaseka ndi mnzanu, malizani kusekako, chifukwa munthu akamva kuseka poyamba amaganiza kuti akusekedwa ndi iyeyo. Cholembera ndi kope zikhale pamalo amodzi nthawi zonse, pafupi ndi dzanja limene mumalembera, ndipo foni muziigwira ndi dzanja linalo.

Yankhani pa kulira kwachiwiri kapena kwachitatu. Musathamangire kulira koyamba. Kuno anthu ambiri amaflasha, kutanthauza kuti amaimba n'kudula msanga kuti inu muwaimbire, ndipo mukayankha mofulumira mumawadyera timayunitsi tomwe amasungira. Mukapitiriranso katatu, woimbayo amayamba kuganiza kuti nambala ndi yakale, n'kuyesa loji yoyandikana nayo.

Ngati pa kauntala paima mlendo, musangotembenuka n'kumusiya. Muyang'aneni, nenani kuti "Pepani, ndiyankheko kaye foniyi," kenako yankhani. Ngati jenereta ikulira kumbuyo kapena mwera ukuwomba, monga umachitira miyezi yozizira ija, lowani mkati ndi kutseka chitseko musanadine. Mphepo ikamamenya foni, uko amangomva phokoso ngati la chigayo.

2. Mukadina, werengani "wani" mumtima musanayankhule

Apa ambiri amalakwitsa osadziwa. Amadina batani n'kuyamba kuyankhula foni isanafike ndi pakamwa pomwe, komanso nthawi zina mawu amachedwa pang'ono kulumikizika. Zotsatira zake, mawu awiri oyamba amasowa, ndipo mawu amenewo ndiwo amakhala dzina la malo. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati anthu ambiri amakufunsani kuti "Kodi ndi ku loji kumeneko?" inu mutanena kale, dziwani kuti mukuyamba msanga kapena mukuthamanga. Dinani, ikani foni kukhutu, pumani kamodzi, yambani.

Foni musaiike pa laudi. Alendo ena ali pomwepo, ndipo woimbayo sakudziwa kuti nkhani yake ikumveka bwalo lonse.

3. Tchulani malo, kenako dzina lanu

"Halo?" yekha si yankho. Amasiya ntchito yonse kwa woimbayo: afunse ngati wafika pamalo oyenera, afunse akuyankhula ndi ndani, zonsezo pa mayunitsi ake. Munthu amene watenga nambala yanu pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu kapena kwa mnzake, chinthu choyamba chimene akufuna kudziwa n'chakuti sanaphonye nambala. Muyankheni asanafunse.

Nenani chonchi, ndipo dzina la Chisomo ndangoliika ngati chitsanzo: "Zikomo, kuno ndi ku loji yakutiyakuti ku Senga Bay, ndine Chisomo."

"Zikomo" woyambayo ali ndi ntchito ziwiri. Ndi ulemu, komanso ndi mawu amene angasowe popanda kuwononga kanthu ngati netiweki yadula poyambira. Tchulaninso dera, chifukwa mayina a malo ogona amafanana kwambiri m'mbali mwa nyanja muno, ndipo munthu akhoza kubukitsa kwa inu akuganiza kuti ndi ku Mangochi kapena ku Nkhata Bay. Dzina lanu litchuleni limodzi lokha, limene anzanu a pa ntchito amalidziwa, kuti munthuyo akaimbanso mawa n'kunena kuti "ndinayankhula ndi Chisomo," aliyense adziwe kokafunsa. Udindo wanu usiyeni. Palibe amene amaimba kuti amve kuti ndinu wachiwiri kwa woyang'anira.

Dzina la malo mulitchule pang'onopang'ono kuposa mawu ena onse. Inu mumalitchula kambirimbiri pa tsiku moti lilime limangotsetsereka, koma winayo mwina akulimva koyamba.

4. Moni: apa ndiye pagona nkhani

Ambiri amene amaphunzitsa za mafoni anatengera dongosolo la Chingerezi, lomwe limati perekani moni, tchulani malo, tchulani dzina, funsani chothandiza, zonse mpweya umodzi. M'Chingerezi zimatheka chifukwa moni wawo wa m'mawa safuna yankho. Wathu ndi funso. Ukati "Mwadzuka bwanji?" wafunsa, ndipo munthu woleredwa bwino ayenera kuyankha, n'kubwezanso kuti "kaya inu?", iwenso n'kuyankha. Ndi mawu opatsirana katatu, osati chidindo chongomenya pa pepala.

Ndiye taganizani mtsikana akuyankha kuti: "Mwadzuka bwanji kuno ndi ku loji yakutiyakuti ndine Chisomo ndingakuthandizeni bwanji?" Wafunsa mafunso awiri osadikira yankho la loyamba. Ndakhala ndikumvetsera chimene chimachitika uko. Woimbayo amakhala chete kaye, kenako amati "Eee... ndadzuka... kaya... ndimafuna..." ndipo nthawi yomweyo mtsikanayo nayenso amayamba kuyankha, mawu n'kugundana. Ngati ndi munthu wamkulu, amamva ngati wafunsidwa za moyo wake ndi munthu amene alibe nazo ntchito. Kufunsa munthu mmene wadzukira n'kumudutsa asanayankhe n'koipa kuposa kusamufunsa n'komwe.

Pali njira ziwiri zabwino, ndipo musankhe imodzi, osasakaniza.

Njira yoyamba ndi ya moni wathunthu. Mukatchula malo ndi dzina, moni ubwere kumapeto, ndipo mukhale chete: "Zikomo, kuno ndi ku loji yakutiyakuti ku Senga Bay, ndine Chisomo. Mwadzuka bwanji?" Dikirani. Iye ati "Ndadzuka bwino, kaya inu?" Inu muti "Ndadzuka bwino, zikomo," ndipo pomwepo, osapumira nthawi yaitali, mulumikize funso lothandiza. Malo a funsolo ndi amenewa, kumchira kwa yankho lanu. Mukasiya mpata pamenepa, moni umapitirira: kunyumba ali bwanji, kunyanjako kukutentha bwanji, ndipo palibe amene akudziwa woyamba kulowa mu nkhani. Inu ndinu mwini khomo, ndiye kutsegula nkhani ndi udindo wanu.

Njira yachiwiri ndi yachidule, yopanda funso la moni: "Zikomo, kuno ndi ku loji yakutiyakuti ku Senga Bay, ndine Chisomo. Tikuthandizeni bwanji?" Funso ndi limodzi, woimbayo akudziwa choyankha. Ulemu uli mu "zikomo" ndi m'kamvekedwe ka mawu. Koma konzekani, chifukwa anthu ambiri sangalowe mu nkhani asanakupatseni moni. Adzati "Muli bwanji?" ngati kuti funso lanu sanalimve. Musaumirire funso lanu. Yankhani moni wonse, "Ndili bwino, kaya inu?", mudikire, kenako mubwereze kuti "Zikomo, tikuthandizeni bwanji?" Kubwerezako si kulephera. Ndi mmene zimayendera.

Ine pa loji ndimakonda njira yoyamba, chifukwa munthu amene akufuna malo ogona akuyesa kale ngati adzalandiridwa bwino, ndipo masekondi 5 owonjezerawo samupweteka. Koma pa kiliniki, kapena usiku, ndimalangiza yachiwiri. Munthu amene akuimba 11 koloko usiku galimoto itamufera pa msewu wochokera ku Lilongwe sakufuna kufunsidwa mmene waswerera.

Za nthawi: "Mwadzuka bwanji?" ndi wa m'mawa, "Mwaswera bwanji?" ndi wa masana mpaka madzulo. Mukakayika, makamaka chapakati pa tsiku, "Muli bwanji?" salakwika nthawi iliyonse. Yang'anani wotchi, chifukwa munthu amene wakhala m'chipinda kuyambira 6 koloko amapezeka akudzutsabe anthu 2 koloko masana. "Zikuyenda?", "Bobo?" ndi "Shapu" ndi za anzanu pa bawo. Pa foni ya ntchito ayi, ngakhale nambala ikhale ya munthu amene mumamudziwa, chifukwa foni imabwerekedwa, ndipo mwina amene ali uko ndi bambo ake.

Kuno ku Salima ndi ku Nkhotakota tili ndi abale athu ambiri Achisilamu, ndipo wina adzayamba ndi "Salamu aleikumu." Ngati mukudziwa kuyankha, nenani "Wa aleikumu salamu" n'kupitiriza. Ngati lilime silinazolowere, "Zikomo kwambiri, muli bwanji?" ndi ulemu wokwanira. Chosafunika ndi kukhala chete ngati mwadabwa. Chimodzimodzi wamkulu akati "Tadzuka, kaya anzathu?", yankhani mofanana, "Tadzuka bwino, zikomo."

Nanga mumutchule chiyani munthu amene simukumuona? Poyamba musamutchule chilichonse. "Mu-" ndi "-ni" wa ulemu akukwanira: mwadzuka, tikuthandizeni, pepani. Mawu a pa foni amanamiza. Ndinamvapo mnyamata wathu wina akunena kuti "Chabwino bambo" katatu konse kwa mayi wa mawu akuluakulu, mpaka mayiyo anachita kumuuza kuti "Ndine mzimayi, mwanangu." Mukatsimikiza, "mayi" kapena "bambo" ndi abwino. "Asisi", "anti", "madala" ndi "biggy" wa pa depoti uja zisiyeni. "Iwe" asamveke ngakhale mawu akhale a mwana, poti mwana amatumidwa ndi akulu ndipo amakanena mmene mwamuyankhira.

5. Funsani chothandiza ndi mawu amene satseka khomo

Mawu amene ndimaphunzitsa ndi "Tikuthandizeni bwanji?" kapena "Tikuthandizeni motani?" "Ndikuthandizeni bwanji?" alinso bwino, koma "ti-" amaonetsa kuti mukuyankhulira nyumba yonse, ndipo ngati nkhaniyo ndi yofuna kukhitchini kapena kwa abwana, simunalonjeze kuti muimaliza nokha.

Pali mafunso ena amene tanthauzo lake ndi lomwelo koma amaluma. "Mukufuna chani?" ndi funso la mlonda pa geti kwa munthu wokayikitsa. "Bwanji?" payekha amamveka ngati mwasokonezedwa pa zofunika. "Nenani" ndi lamulo. "Vuto ndi chani?" amaganizira munthu kuti wabwera ndi dandaulo, pamene mwina amafuna kukupatsani bizinesi. "Mumati bwanji?" ndi wofewa pakati pa anthu odziwana, koma kwa mlendo amamveka ngati mukufuna amalize msanga.

Musaloserenso. "Mukufuna rumu?" amaoneka ngati changu, koma amene akuimba akhoza kukhala msodzi wobweretsa chambo, kapena munthu amene anaiwala chaja sabata yatha. Mukamulosera molakwika, ayenera kuyamba wakana kaye, ndipo kukambirana kumene kwayamba ndi "ayi" kumavuta kuwongola.

Ndipo "Ndani?" kapena "Ndinu ndani?" asakhale mawu anu oyamba. Zaka zapitazo tinataya gulu la anthu a msonkhano chifukwa cha mawu amenewa. Bambo wina anaimba kuchokera ku Lilongwe, amene anali pa kauntala anati "Halo? Ndani?", bamboyo n'kudula. Tinadzamva patapita masabata kwa dalaivala wawo kuti anaganiza kuti aimbira foni ya munthu wamba, ndipo anakagona kwina. Paja amati mlendo ndi mame. Dzina limafunsidwa munthu atanena kale nkhani yake, ndipo limafunsidwa chonchi: "Pepani, ndikuyankhula ndi a ndani?" kapena "Ndilembe dzina loti ndani?"

6. Mukafunsa, khalani chete ndipo lembani

Mwafunsa, tsono musiyeni anene. Anthu ambiri amayambira patali: "Ineyo ndili ku Dwangwa kuno, ndiye mchemwali wanga anabwerako kumeneko chaka chatha..." Musamudule. Muzingoti "eya" kapena "zikomo" apo ndi apo kuti adziwe kuti foni sinaduke. Akamaliza, bwerezani nkhaniyo m'chiganizo chimodzi. Kubwereza kumeneku ndi kumene kumatsimikiza kuti funso lanu lija linali lochokera pansi pa mtima.

Nachi chitsanzo chonse. Ndi Lachiwiri, 10 koloko m'mawa. Foni yalira kawiri, Chisomo watsitsa wailesi, wadina, wapuma kamodzi.

"Zikomo, kuno ndi ku loji yakutiyakuti ku Senga Bay, ndine Chisomo. Mwadzuka bwanji?"

"Tadzuka bwino, kaya anzathu kunyanjako?"

"Tadzuka bwino, zikomo kwambiri. Tikuthandizeni bwanji?"

"Eya, ineyo ndikuimba kuchokera ku Lilongwe. Tili ndi kaulendo ka amayi a ku mpingo, ndiye timafuna tidziwe ngati malo angapezeke Lachisanu likubwerali. Tilipo 12, tigona masiku awiri."

"Zikomo mayi. Ndamva kuti ndinu anthu 12, mufika Lachisanu likubwerali, mugona Lachisanu ndi Loweruka, kunyamuka Lamulungu. Ndi choncho?"

"Eya, ndi choncho."

"Chabwino. Pepani, ndilembe dzina loti ndani?"

Onani kuti mayiwo ataponya mawu oti "kunyanjako", Chisomo sanayambe kufotokoza za nyengo. Wayankha moni mokwanira n'kutsegula nkhani. "Mayi" wamutchula atamva kale mawu ndi nkhani ya amayi a ku mpingo. Ndipo "masiku awiri" wawamasulira kukhala mayina a masiku, chifukwa kwa ena masiku awiri ndi kugona kamodzi kokha. Kuchokera pa kudina kufika pamene mayiwo ayamba nkhani yawo sipadutsa masekondi 15.

Zikasokonekera poyambira

Woimbayo akayankha m'Chingerezi, sinthani nthawi yomweyo, osamufunsa chiyankhulo chimene akufuna. Nambala ikaoneka kuti ndi yakunja, yosayamba ndi +265 kapena 0, mukhoza kuyamba ndi Chingerezi. Koma nambala ya Airtel kapena TNM muiyambe m'Chichewa. Amene akufuna Chingerezi amasintha yekha mosavuta, pamene agogo amene alandiridwa ndi Chingerezi chothamanga amachita manyazi, ena amangodula.

Mukapereka moni koma uko kuli zii, musakuwe "Halo! Halo! Halo!" Werengani mpaka 3, bwerezani dzina la malo kamodzi, ndipo ngati kuli chetebe nenani kuti "Pepani, sindikukumvani, ndidula kuti ndikuimbireni." Nthawi zambiri iye amakhala akukumvani bwinobwino ngakhale inu simukumumva, choncho samalani ndi zimene mukunena kwa mnzanu wa pambali musanadule. Mawu akamadukaduka, vuto muliike pa netiweki, osati pa munthu: "Pepani, netiweki ikuvuta, tabwerezani pang'ono," osati "Kwezani mawu."

Munthu akangoyamba ndi "Mayunitsi atsala pang'ono," kapena mukamva kuti akulira kapena akupuma mothamanga, moni yense mumusiye. Nenani "Ndikumva, nenani zimene zachitika," kapena, ngati malamulo a pa ntchito panu amalola, "Dulani, ndikuimbirani pompano," ndipo muimbedi pompo.

Poimbira munthu amene anaflasha, kumbukirani kuti tsopano woimba ndinu, ndiye "tikuthandizeni bwanji" asabwere musanafotokoze chifukwa chimene mwaimbira: "Zikomo, ndine Chisomo, ku loji yakutiyakuti ku Senga Bay. Tapeza kuti munatiimbira." Akavomera, ndiye funsani.

Wina akangoti "Ndipatseni abwana," musayankhe kuti "Kulibe" n'kukhala chete. Nenani "Atulukako pang'ono, koma mwina ndingathe kukuthandizani, kapena ndilembe uthenga." Kumene apita musanene.

7. Yesererani ndi foni yeniyeni

Lembani mawu anu oyamba pa kakhadi n'kukamata pa kauntala, kuti aliyense, ngakhale mlonda amene amagwira foni usiku, aziyankha mofanana. Pa kakhadipo, pambuyo pa moni, lembani mawu oti DIKIRANI ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa ndi pamene aliyense watsopano amathamangira.

Kenako tumani mnzanu apite kuseri kwa khitchini akuimbireni kasanu. Ulendo woyamba akhale wamkulu wokonda moni wautali, wachiwiri munthu wothamanga, wachitatu ayankhe m'Chingerezi, wachinayi akhale chete, wachisanu ayambe ndi "Ndipatseni abwana." Akabwera, mufunseni zinthu ziwiri zokha: ngati dzina la malo linamveka lonse, ndiponso ngati panali pamene mawu anu anagundana ndi ake. Ngati dzina linaduka, bwererani pa nambala 2. Ngati munagundana, bwererani pa nambala 4, muimbirane kasanu kena.